Chinsinsi cha 3, 4 ndi 5: chifukwa chake kona ya nyumba imawongoka

Amene anaonererapo mmisiri akuyeza maziko a nyumba akudziwa mwambo wake. Amakhoma chikhomo pamene pakhale kona, n'kukoka zingwe ziwiri. Pa chingwe chimodzi amayeza mamita 3, pa chinacho mamita 4, kenaka amatambasula tepi pakati pa zizindikiro ziwirizo. Ikawerenga mamita 5 ndendende, amauza anyamata ake kuti kona ili pa sikweya, ayambe kukumba. Ikapitirira kapena kuperewera, amasuntha chingwe mpaka 5 uja atapezeka. Mukamufunsa chifukwa chake, nthawi zambiri amangoti ndi mmene anamuphunzitsira amene anamulowetsa ntchito. Yankho lenileni lilipo, ndipo munthu atha kuliona ndi maso ake atakhala pamphasa ndi katoni yakale, rula ndi sizasi.

Lamulo lake limanena za thirayango, chinthu cha mbali zitatu, imene kona yake imodzi ili ya madigiri 90, monga kona ya buku kapena ya chitseko. Mbali ziwiri zokumana pa konayo tizitche a ndi b. Mbali yachitatu, yopendekeka, imene yayang'anizana ndi konayo, tiitche c. Kusukulu imeneyi amaitcha haipotenyuzi, ndipo nthawi zonse ndiyo yaitali kuposa zinzake. Lamulolo limalembedwa motere:

a² + b² = c²

Ka 2 kali pamwambako kakutanthauza kuti nambalayo muichulukitse ndi iyo yomwe. Choncho 3 × 3 ndi 9, 4 × 4 ndi 16, ndipo 9 kuphatikiza 16 ndi 25, amene ali 5 × 5. Koma a² si nambala chabe. Ndi kukula kwa malo a sikweya imene mbali yake ili a. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimalowa matailosi 9 a mita imodzi imodzi. Ndiye lamuloli likunena kuti mukamanga sikweya pa mbali iliyonse ya thirayango yathu, masikweya awiri aang'ono pamodzi amadya malo ofanana ndi sikweya yaikulu yokha.

Ambiri amalidziwa ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wobadwira pachilumba cha Samos cha m'ma 570 Yesu asanabadwe. Komabe anthu a ku Babulo ankalidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Phale lina ladothi lotchedwa Plimpton 322, la cha m'ma 1800 Yesu asanabadwe, lili ndi mndandanda wa manambala otsatira lamulo lomweli. Akatswiri akale a ku China ndi ku India nawonso analemba za ilo. Koma kudziwa kuti chinthu chimagwira ntchito n'kosiyana ndi kudziwa chifukwa chake. Mutayeza mathirayango chikwi n'kupeza kuti onse akumvera lamuloli, simunatsimikizebe za thirayango yotsatirayo. Pafunika mfundo yogwira onse nthawi imodzi.

Tengani katoni ija. Dulani mathirayango anayi ofanana ndendende, iliyonse ya kona ya madigiri 90, mbali imodzi masentimita 6, ina masentimita 8. Mbali yopendekekayo musaiyeze, poti ndiyo tikuisaka. Papepala jambulani sikweya yaikulu ya masentimita 14 mbali zonse, chifukwa 6 kuphatikiza 8 ndi 14.

Kuyala koyamba ndi uku. Ikani thirayango imodzi pa kona iliyonse ya sikweya yaikuluyo, kona yake ya madigiri 90 ilowe bwino m'kona ya sikweya. Muzizungulira nazo motsatana, kuti m'mphepete mulimonse mugone mbali yaifupi ya thirayango imodzi ndi mbali yaitali ya inzake, nsonga zawo zitakhudzana. Pakati patsala malo opanda katoni, ooneka ngati sikweya yopendekeka, ndipo mbali zake zinayi ndi mbali zopendekeka za mathirayango aja. Mbali iliyonse ndi c.

Apa pali funso limene ambiri amalilumpha, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene pagona umboni wonse. Tadziwa bwanji kuti malo apakatiwo ndi sikweya yeniyeni? Kufanana kwa mbali zinayi pakokha sikukwanira, chifukwa chinthu chitha kukhala ndi mbali zinayi zofanana koma chili chophwatalala ngati dayamondi ya pa makadi. Tiyenera kuyang'ana makona ake. Makona atatu a thirayango iliyonse akaphatikizidwa amakwana madigiri 180. Mwa athuwa, kona imodzi yatenga kale 90, choncho makona awiri osongokawo amagawana 90 otsalawo. Tsopano yang'anani pamene nsonga za mathirayango awiri zakhudzana m'mphepete mwa sikweya yaikulu. Mphepeteyo ndi mzere wowongoka, ndipo mzere wowongoka ndi madigiri 180. Pamenepo pakumana kona yosongoka ya mtundu woyamba, kona yosongoka ya mtundu wachiwiri, ndi kona ya malo apakati aja. Awiri osongokawo atenga 90, ndiye kona yapakatiyo yatsala ndi 90. Zili chimodzimodzi pa makona onse anayi. Malowo ndi sikweya ndithu, ndipo kukula kwake ndi c².

Tsopano nyamulani mathirayango omwewo muwayale mwatsopano m'sikweya yomweyo. Aphatikizeni awiriawiri, mbali zopendekeka zitagundana, kuti apange marekitango awiri a masentimita 6 ndi 8. Rekitango imodzi muiimike chilili pa kona yakumwamba kudzanja lamanja, inayo muigoneke pa kona yam'munsi kudzanja lamanzere. Makona awo akhudzana m'katimo. Malo opanda katoni tsopano ali pawiri: kumwamba kumanzere kuli sikweya ya masentimita 8, m'munsi kumanja kuli ina ya masentimita 6.

Umboni wathera pomwepa. Sikweya yaikulu sinasinthe. Mathirayango ndi omwe aja, sitinachotsepo kapena kuwonjezera kachidutswa. Zili ngati kusuntha mipando inayi m'chipinda: kaya muiyike kuti, malo otsala pansi ndi omwewo bola isasanjikizane. Poyamba malo otsala anali c², tsopano ndi a² ndi b². Choncho awiriwa ndi ofanana. Mwa manambala, sikweya yaikulu ndi 14 × 14, amene ali 196. Thirayango iliyonse ndi theka la 6 × 8, kutanthauza 24, ndipo inayi ndi 96. Chotsala ndi 100, chimodzimodzi ndi 36 kuphatikiza 64. Mbali yopendekeka iyenera kukhala masentimita 10. Tengani rula tsopano muyeze.

Onani kuti m'maganizo onsewa 6 ndi 8 sanachite chilichonse chapadera. Mukadadula 5 ndi 9, kapena 2 ndi 11, kuyala kuwiriko kukadatheka mofanana. Chimene tadalira ndi kona ya madigiri 90 yokha. Popanda iyo, mathirayango salowa bwino m'makona a sikweya yaikulu, ndipo zonse zimagwa. Awa ndiwo malire a lamuloli: pa thirayango yopanda kona yotere, siligwira.

Nanga mmisiri uja? Iye amayenda chobwerera. Amayamba ndi mbali zitatu n'kufuna kona. Zimatheka chifukwa timitengo titatu tautali wodziwika timapanga thirayango ya mtundu umodzi wokha, simungaiphwatalalitse kapena kuitambasula osathyola kamtengo. Thirayango ya kona ya madigiri 90 ya mbali 3 ndi 4 taona kuti mbali yake yachitatu ndi 5, ndiye thirayango iliyonse ya 3, 4 ndi 5 ndi yomweyo.

Tiyese pa nyumba ya mamita 10 m'litali ndi 7 m'lifupi. Kuchokera pa kona imodzi kupita pa kona yopingasa, tepi iwerenge chiyani? 10 × 10 ndi 100, 7 × 7 ndi 49, pamodzi 149. Tikufuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereke 149, imene amaitcha sikweya ruti. Pa foni pali batani la √, koma ngakhale popanda foni titha kuisaka. 12 × 12 ndi 144, 13 × 13 ndi 169, ndiye yankho lili pafupi ndi 12. Tikayesa 12.2 tipeza 148.84, ndipo 12.21 apereka 149.08. Tepi iwerenge pafupifupi mamita 12.21, ndipo mizere yopingasa yonse iwiri ifanane.

Tinene kuti mwayeza n'kupeza mzere wina 12.30, winawo 12.11. Munthu atha kunena kuti masentimita 9 si kanthu. Koma mukawerengera, khoma la mamita 10 lija lakhota ndi masentimita pafupifupi 16 kumapeto kwake. Zimenezi sizioneka pamene pali zingwe zokha. Zidzaoneka pokhoma malata, pamene m'mphepete mwake mukutuluka ngati mano a sowo, ndiponso poyala matailosi, pamene mzere wa m'mbali mwa khoma ukunka nuchepa. Kusuntha chikhomo lero n'kwaulere, pomwe kukonza khoma louma kumadya simenti ndi njerwa. N'chifukwa chake pa nyumba yaikulu ndi bwino kuyeza 6, 8 ndi 10 m'malo mwa 3, 4 ndi 5, poti thirayango ikakula, kulakwitsa pang'ono pa tepi sikukhotetsa khoma kwambiri.

Nthawi zina mbali yaitali ndiyo tikuidziwa, yosowa ndi ina mwa zazifupi. Apa timachotsera. Muli ndi makwerero a mamita 5, ndipo mwaika miyendo yake mamita 1.4 kuchokera kukhoma, pamalo osatsetsereka. Afika pati? Makwererowo ndiwo mbali yopendekeka. 5 × 5 ndi 25, 1.4 × 1.4 ndi 1.96, ndipo 25 kuchotsa 1.96 ndi 23.04. Sikweya ruti yake ndi 4.8. Afika mamita 4.8 m'mwamba.

Cholakwa chofala kwambiri, kwa ana a sukulu ngakhale akuluakulu, ndi kuphatikiza pamene pafunika kuchotsera. Wophatikiza apeza 26.96, ndipo yankho lake likhala pafupifupi mamita 5.19. Makwerero a mamita 5 sangafike kutali kuposa utali wawo, ndiye yankholo likudziulula lokha. Wina amaiwala sikweya ruti n'kulemba 23.04, ngati kuti makwerero afika pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Winanso amasakaniza miyezo, mbali ina m'mamita, ina m'masentimita, n'kuchulukitsa 140 × 140 pambali pa 5 × 5.

Pali njira yachidule yogwirira zambiri mwa zolakwazi. Mbali yopendekeka iyenera kuposa iliyonse mwa zinzake ziwiri, koma isafike pa utali wa ziwirizo zitalumikizidwa. Pa nyumba yathu ija, yankho liyenera kukhala pakati pa 10 ndi 17, ndipo 12.21 ali momwemo. Musanagwire foni kapena cholembera, jambulani kaye thirayangoyo, ngakhale ndi chala pamchenga, muike chizindikiro pa kona ya madigiri 90, ndipo mbali yoyang'anizana nayo muilembe c.