Themometa ikati 99.4: kapulogalamu kosinthira madigiri

Mathemometa ambiri ogulidwa m'mafamase kapena otumizidwa ndi abale a ku Amereka amatha kuonetsa kutentha m'njira ziwiri. Mwana akangoseweretsa batani, mawa lake mupeza chipangizocho chikuti 99.4 pamene munazolowera kuona 37. Sichinawonongeke ayi. Changosiya muyezo wa Celsius n'kuyamba kuwerenga mwa Fahrenheit. Muyezo woyambawo unatenga dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anafalitsa sikelo yake mu 1742, ndipo winawo ndi wa Daniel Gabriel Fahrenheit, wa mu 1724. Pa Celsius madzi amaundana pa 0 n'kuwira pa 100. Pa Fahrenheit amaundana pa 32 n'kuwira pa 212.

Samu yosinthira imachokera pamenepo. Pakati pa 32 ndi 212 pali madigiri 180, pomwe pakati pa 0 ndi 100 pali 100, choncho madigiri 9 a Fahrenheit ndi ofanana ndi 5 a Celsius. Mumachotsa 32, n'kuchulukitsa ndi 5, n'kugawa ndi 9. Aphunzitsi a kompyuta amakonda kupereka samu imeneyi kwa ongoyamba kumene kulemba mapulogalamu, kuti aiike mu fankishoni, kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi dzina lake, kamene kamalandira chinthu, n'kugwira ntchito imodzi, n'kubweza yankho. M'chinenero cha Python imaoneka chonchi:

```python
def f_ku_c(f):
    return (f - 32) * 5 / 9
```

Ophunzira ambiri amaimira pomwepa, n'kutseka kompyuta akusangalala. Chonsecho samuyo ndiyo mbali yosavuta. Tiyerekeze kuti fankishoniyi ikalowa mu pulogalamu ya pafoni yolembera kutentha kwa thupi la ana, ndipo tiitsate nambala ija ya 99.4 kuti tione zimene zingaichitikire panjira.

Mukaipatsa 99.4, kompyuta ibweza 37.444 ndi manambala ena ambirimbiri kumbuyo kwake. Palibe namwino amene angalembe zimenezo m'buku. Ndiponso manambala akumbuyowo ndi onama, chifukwa themometa inangoyeza mpaka nambala imodzi pambuyo pa kadontho, ndipo kugawa ndi 9 sikunaiwonjezere luso. Nambalayo iyenera kufupikitsidwa. Funso n'lakuti mpaka pati, komanso pa nthawi iti.

Malangizo osamalira ana odwala a bungwe la World Health Organization amati mwana watentha thupi ngati themometa ya m'khwapa yafika 37.5 kapena kupitirira. Pa Fahrenheit imeneyo ndi 99.5 ndendende. Ndiye kuti 99.4 ili pansi pa mzerewo pang'ono pokha, ndipo 99.6, yomwe ndi 37.6, ili pamwamba pake. Mukafupikitsa ku nambala yathunthu yapafupi, woyambayo akhala 37 ndipo wachiwiriyo 38, ana awiri osiyana pang'onong'ono aoneka ngati asiyana digiri yathunthu. Nambala imodzi pambuyo pa kadontho ndiyo yoyenera pano, popeza ndi mmene chipangizo chimayezera komanso mmene malangizo analembedwera. Wophika keke alibe nazo ntchito zimenezi. Buku la ku Amereka likati 350, samu imapereka 176.7, koma iye amangopotokola uvuni pa 180 keke n'kupsa bwinobwino. Palibe kafupikitsidwe kamodzi koyenera paliponse. Wolemba pulogalamu ayenera kudziwa kaye kuti yankholo likagwira ntchito yanji.

Za nthawi yofupikitsira ndiye zimapweteka anthu mwakachetechete. Wina amaona 5 kugawa ndi 9 n'kunena kuti, bwanji ndingolemba 0.56 kuti zichepe? Tiyeni tiyese. 99.4 kuchotsa 32 ndi 67.4, ndipo 67.4 kuchulukitsa ndi 0.56 ndi 37.74. Mwana uja anali pa 37.4 tsopano wafika 37.7, wadumpha mzere wa 37.5 asanatenthe n'komwe. Kolakwika kanali kakang'ono, koma kanachulukitsidwa maulendo 67. Zili ngati wa golosale wofupikitsa mtengo wa sopo mmodzi asanawerenge katoni yonse: pa sopo mmodzi simuona kanthu, pa katoni mumalira. Nambala ifupikitsidwe kamodzi kokha, samu yonse itatha.

Python ili ndi lamulo la `round` logwira ntchitoyi, ndipo `round(c, 1)` amasiya nambala imodzi pambuyo pa kadontho. Lamuloli lili ndi khalidwe limene limadabwitsa anthu amene kusukulu anaphunzira kuti 5 amakweza nthawi zonse. `round(37.5)` amapereka 38, koma `round(36.5)` amapereka 36. Nambala ikakhala pakati penipeni, Python imasankha mbali imene ili yogawika ndi 2, n'cholinga choti pofupikitsa manambala ambiri zokwera ndi zotsika zizifafanizana. Anapanga dala, si vuto. Mwamwayi pa ntchito yathuyi sizitikhudza: nambala ya Fahrenheit yokhala ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho, ikachulukitsidwa ndi 5 n'kugawidwa ndi 9, siingagwere pakati penipeni pa magawo awiri oyandikana monga 37.4 ndi 37.5. Nthawi zonse imapendekera mbali ina.

Chimene chimatikhudza ndi china. Magawo a Fahrenheit ndi aang'ono kuposa a Celsius, motero 98.7 ndi 98.8 zonse zimasanduka 37.1. Mukaibweza 37.1 ku Fahrenheit mupeza 98.8, ndipo 98.7 uja wasowa osabwereranso. N'chifukwa chake pulogalamu yabwino imasunga nambala imene munthu analemba poyamba, yofupikitsidwayo n'kukhala yongoonetsa pa sikirini.

Mpaka pano takhala tikuganiza kuti munthu alemba nambala yabwinobwino. Koma wolembayo ndi mayi wotopa pakati pa usiku, kapena wazaumoyo amene mzere wa odwala wamufikira pakhomo. Wina adzasiya malowo opanda kanthu. Wina adzalemba `99.4F`. Wina, makamaka amene anaphunzira ku Joni kapena ku Mozambique, adzalemba `99,4` ndi mpatuliro, poti kumeneko ndi mmene amalembera. Chilichonse cholembedwa pa foni chimafika kwa Python ngati mawu, ndipo lamulo la `float` ndilo limasandutsa mawuwo kukhala nambala. Likalephera limaponya `ValueError`, ndipo ngati palibe chowakha, pulogalamu imaima n'kulavula uthenga wa Chingerezi umene mayi uja sangaumve.

Zolakwika zaphokoso zoterezi n'zabwinoko, chifukwa zimaoneka. Zoopsa ndi zimene samu imazilandira mosanyinyirika. Munthu akaiwala kadontho n'kulemba 994, fankishoni yathu imuuza mwaulemu kuti mwana wake watentha madigiri 534.4. Akalemba 37.4, osadziwa kuti themometa yake ili kale pa Celsius, yankho likhala 3.0. Samu ndi yolondola, koma yankho n'lopanda nzeru.

Mabuku ambiri amati pulogalamu izikana nambala yochepera -459.67, yomwe ndi -273.15 pa Celsius, kuzizira kumene palibe chinthu chingakupitirire. Malire amenewo ndi oona, ndipo ndi oyenera pa fankishoni yosinthira kutentha kwa chilichonse. Koma pa thupi la munthu sagwira kanthu, chifukwa 994 ndi 37.4 yemwe amadutsa. Ine ndimaona kuti malire ayenera kuchokera ku ntchito yeniyeniyo. Mathemometa a thupi amawerenga kuyambira cha m'ma 32 kufika cha m'ma 43 pa Celsius, ndiye 90 mpaka 110 pa Fahrenheit akukwanira. Fankishoni yonse tsopano ili motere:

```python
def f_ku_c(mawu):
    try:
        f = float(mawu.replace(",", "."))
    except ValueError:
        raise ValueError("Lembani nambala yokha, monga 98.6")
    if not 90 <= f <= 110:
        raise ValueError("Lembani pakati pa 90 ndi 110")
    return round((f - 32) * 5 / 9, 1)
```

Mzere wa `replace` ukusandutsa mpatuliro kukhala kadontho. Pa fankishoni ya ng'anjo yowotchera njerwa ndikanaopa kuchita zimenezi, chifukwa wolemba `1,200` akutanthauza 1200, osati 1.2. Pano palibe chiopsezo, poti nambala yotero ikagwidwa ndi malire aja.

Taonaninso mmene malirewo alembedwera, chifukwa pali msampha umene ngakhale akatswiri amagweramo. `float` amalandira mawu akuti `nan`, chizindikiro chotanthauza kuti pano palibe nambala. Sikawirikawiri munthu kulemba zimenezi ndi dzanja, koma zimapezeka kwambiri m'mafayilo ochokera ku mapulogalamu ena, pamalo pamene panalibe muyezo. Khalidwe la `nan` n'lakuti mukamufunsa ngati ali wamkulu kuposa nambala ina amati ayi, mukamufunsa ngati ali wamng'ono amatinso ayi. Wolemba `if f < 90 or f > 110` amalandira ayi kawiri, ndipo `nan` amalowa n'kukaipitsa samu iliyonse imene angakhudze, ngakhale avereji ya odwala a mwezi wonse. Ife tafunsa motembenuza: kodi uli pakati pa 90 ndi 110? Iye akati ayi, watuluka. Funso lomweli limagwiranso `inf`, nambala yopanda malire, imene `float` amailandiranso.

Ena nambala ikakhala yolakwika amakonda kubweza 0 kapena -1 m'malo moponya `ValueError`. Pa kutentha chimenecho n'chizolowezi choipa, chifukwa 0 ndi -1 ndi madigiri enieni, ndipo mbali ina ya pulogalamu idzawalemba m'kaundula ngati muyezo. Kungosintha nambala mwakachetechete, monga kuganiza kuti 994 ndi 99.4, nakonso n'kulosera. Bwino kukana, n'kumuuza munthu m'chinenero chake chimene akuyenera kulemba.

Chatsala n'kuyesa, ndipo kuyesa kwabwino kumagwiritsa ntchito manambala amene yankho lake mukulidziwa kale. 98.6 ayenera kupereka 37.0, 99.5 apereke 37.5, ndipo 104 apereke 40.0. Mukapeza 80.8 pa 98.6, dziwani kuti mabulaketi ozungulira `f - 32` aiwalika, kompyuta yayamba ndi kuchulukitsa isanachotse. Mukapeza 0 pa nambala iliyonse, ndiye kuti munalemba `(5 / 9)` payekha m'chinenero chonga C kapena Java, momwe kugawa manambala athunthu kumataya chotsala, 5 kugawa ndi 9 n'kukhala 0. Python yakale ya 2 inkachitanso chimodzimodzi. Pali nambala ina yotchuka, -40, pamene miyezo iwiriyi imakumana, koma fankishoni yathu iyenera kuikana, ndipo ikailandira ndiye kuti malire sakugwira. Kenako yesani m'mphepete mwenimweni: 90 ndi 110 alowe, n'kupereka 32.2 ndi 43.3, pamene 89.9 ndi 110.1 akanidwe. Pomaliza ipatseni zinyalala zonse zija, malo opanda kanthu, `99.4F`, `nan`, 994 ndi 37.4, muone ngati chilichonse chikubwezedwa ndi uthenga womveka, ndipo `99,4` yekha ndiye adutse n'kupereka 37.4.