Ukaona mchenga m'madzi a pampu, nyumba yoyandikana ili pangozi

Aliyense amene anakumbapo chitsime kapena chimbudzi kumunsi kwa chigwa cha Domasi, kumene mtsinje umasiya mapiri a Zomba ndi Malosa n'kumakwawa kulowera ku nyanja ya Chilwa, amadziwa mmene dothi la kumeneko limachitira. Malo ambiri ukangopyola dothi lapamwamba umapeza mchenga, ndipo usanapite patali madzi amayamba kutumphuka. Ukatapa, makoma a dzenje amagumukira mkati. Pamene anthu akumanga nyumba zikuluzikulu, matanki a pansi ndi milatho pafupi ndi nyumba za anzawo, vuto limeneli lasiya kukhala la wokumba yekha.

Amisiri ambiri amangoponya paipi ya pampu ya injini pansi pa dzenje n'kumapopa. Madzi akamatuluka ofiira, odzaza mchenga, ena amasangalala n'kumati pampu ili ndi mphamvu, ikutsuka dzenje. Limeneli ndi bodza loopsa. Mchenga umenewo suchokera m'dzenje mokha. Madzi akamathamangira kumene akupopedwa amanyamula timchenga tosalala, ndipo kanjira kamene amasiya kamakula chobwerera m'mbuyo, ngati una wa mfuko, mpaka kukafika pansi pa maziko a nyumba imene ili pambali. Khoma likang'ambika, anthu amaloza chivomerezi, njerwa zosapsa kapena munthu wa nsanje, pomwe dothi lawo linatayidwa mu ngalande iwo akuona.

Mainjiniya ali ndi njira ina, ya mawelopoyinti, yotsitsa madzi m'nthaka kukumba kusanayambe. Welopoyinti ndi paipi yopyapyala, ya mamilimita 40 kapena 50, yokhala ndi sefa kumapeto kwake. Amailowetsa pansi poithira madzi a mphamvu amene amaboola mchenga, kenaka amathira mchenga wokhakhala wosankhidwa bwino kuzungulira sefayo, n'kumata pamwamba ndi dongo kuti mpweya usalowe. Mapaipi otere amazungulira dzenje lonse ndipo amalumikizidwa ku paipi imodzi yaikulu yopita ku pampu. Madzi amatsikira ku sefa m'malo mobowola makoma a dzenje, ndipo mchenga umakhala pomwe unali.

Tiyerekeze kuti kontrakitala akufuna kukumba thanki yakuya mamita 4, madzi ali pa mita imodzi ndi theka, ndipo nyumba ya njerwa ili mamita 8 kuchokera m'mphepete. Kuti pansi paume, madzi ayenera kutsika theka la mita kupitirira pamene dzenje lathera, kutanthauza kuwatsitsa ndi mamita 3. Ngati mzere wozungulira dzenje uli mamita 45, mapaipi 30 a mamita 6, otalikirana mita imodzi ndi theka, angakwanire.

Apa pali malire amene sagonjera kukula kwa injini. Pampu yoyamwa sikoka madzi payokha. Imachotsa mpweya m'paipi, ndipo mpweya wa kunja, umene umatipsinja tonse, ndiwo umakankhira madzi m'mwamba. M'mphepete mwa nyanja yamchere mphamvu imeneyi ingakweze madzi mamita 10 ndi pang'ono, koma chifukwa cha kudontha kwa molumikizira ndi kukhulana kwa madzi m'mapaipi, pantchito yeniyeni imathera pa mamita 5 kapena 6. Ukamakwera mtunda mpweya umapepuka. Nyanja ya Chilwa yomwe ili mamita oposa 600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo Domasi ali pamwamba pake, kotero kupitirira theka la mita kumatayika pampu isanalire n'komwe. Kontrakitala wathu uja akufuna madzi afike mamita 4 ndi theka pansi pa nthaka, ndiye kuti ali pamalire penipeni. Wodziwa ntchito amayamba wakumba mita imodzi pouma n'kutsitsira pampu ndi paipi yaikulu m'menemo. Wosadziwa amawonjezera moto wa injini, mapaipi amayamba kuyamwa mpweya ndi kunjenjemera, madzi amalowa mothamanga pa sefa, ndipo timchenga timayamba kudutsa.

Mawelopoyinti nawonso amaba dothi ngati mchenga wozungulira sefa uli wokhakhala kwambiri poyerekeza ndi wa m'nthaka, kapena ngati sefa inang'ambika poilowetsa. Kudziwa kwake n'kosavuta. Tungani ndowa ya malita 20 potulukira madzi, muisiye kwa mphindi zingapo, kenaka muyang'ane pansi. Maola oyambirira madzi amatha kukhala amatope, koma akuyenera kuyera msanga. Tinene kuti patsiku lachitatu mwapeza kasupuni ka tiyi kamodzi ka mchenga, pafupifupi magalamu 8. Kakuoneka kochepa. Koma pampu yotulutsa malita 5 pa sekondi imadzaza ndowa 21,600 patsiku, ndipo kasupuni kaja kamasanduka makilogalamu oposa 170. Pakutha pa mwezi ndi matani 5 a dothi. Choipitsitsa n'chakuti sachoka mofanana paliponse: kawirikawiri amatuluka pa paipi imodzi kapena ziwiri zowonongeka, ndipo mphako imakula pamalo amodzi. Ndi chifukwa chake paipi iliyonse imakhala ndi chotsekera chake, kuti azitseka imodziimodzi mpaka yolakwayo ipezeke.

Nanga zija amanena zakuti kupopa madzi kokha kumamiza nyumba? Muli choonadi pang'ono, koma anthu amachikulitsa pamalo olakwika. Madzi a m'nthaka amapepuza dothi, ndipo akatsika ndi mita imodzi, dothi la pansi limasenza katundu wowonjezera wofika pafupifupi tani imodzi pa malo a mita m'litali ndi mita m'lifupi. Mchenga wogwirana bwino umapirira zimenezi ndipo umatsika pang'ono kwambiri. Oopsa ndi matope ofewa a m'dambo ndi dothi lakuda la zomera zowola, amene m'zigwa zotere amatha kubisala pakati pa mchenga. Amenewo amafinyika pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi. Wokumba amene sanaboole nthaka kuti aone zigawo zake akungoyenda mumdima.

Kutsika kwa madzi kumafika patali kuposa mmene ambiri amaganizira. Mainjiniya amayerekeza ndi lamulo la Sichardt, R = 3000 × s × √k, pamene R ndi mtunda umene kutsikako kumafika m'mamita, s ndi kutsika kwa madzi m'mamita, k ndi kuphweka kwa madzi kudutsa m'dothi m'mamita pa sekondi, ndipo pa mchenga wosalala pang'ono, kutsitsa madzi ndi mamita 3 kumamveka mpaka mamita 90. Zitsime zosazama za m'dera limenelo zingaphwe mpaka pampu itazimitsidwa.

Ngakhale maiko a zida zapamwamba anapsapo nazo. Pa 3 Malichi 2009, nyumba yosungiramo zolemba zakale mumzinda wa Cologne ku Germany inagwa pamene madzi ndi dothi la pansi pake zinakhuthukira m'dzenje la njanji yapansi limene linkakumbidwa pafupi, kudzera pamalo olakwika pakhoma lotchinga dzenjelo. Anthu awiri anafa.

Ngati akukumba pafupi ndi nyumba yanu, jambulani makoma ntchito isanayambe, ndipo mng'alu uliwonse muumate ndi kasimenti kopyapyala n'kulembapo tsiku. Kakasweka, nyumba ikuyenda. Chitseko chimene chayamba kukana kutseka, khonde lolekana ndi khoma, kapena kadzenje kotitimira pabwalo, ndi zifukwa zokwanira kuimitsa kukumba ndi kuitana injiniya wa ku khonsolo. Koma musakakamize kuti pampu izimitsidwe mwadzidzidzi dzenje lili lotseguka, pakuti madzi akabwerera mothamanga pansi pa dzenje pamabwadamuka ndipo makoma amagumuka. Pachifukwa chomwecho, funsani ngati pamalopo pali pampu yachiwiri, dizilo wokwanira usiku wonse ndi munthu woiyang'anira.