Tiwerengere Ndalama za Aganyu Tisanakumbe Mbatatesi

Anzathu alimi, kuno ku Angoniya mwezi wa Malichi ndi wa Epulo ndi nthawi yokumba mbatatesi za mvula, zija ena amati kachewere. Ntchito imeneyi siidikira munthu. Masamba akauma, masiku okumba ndi owerengeka, ndipo manja a pa banja kapena a gulu sakwana. Tsono timaitana aganyu. Ena ndi a m'midzi yathu yomwe ino ya ku Domwe ndi Ulongwe, ena amadumpha malire kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Kuitana anthu nkosavuta. Chovuta ndi tsiku lolipira. Magulu ambiri amene timaphunzira nawo amangowerengera ndalama za okumba, nkuiwala zina zonse. Pofika tsiku lachitatu thumba lauma, anthu aika makasu paphewa, mbatatesi zatsala padzuwa. Ndipo mbatatesi ikakhalitsa padzuwa imabiriwira, wogula saifuna.

Tiyeni tiwerengere limodzi munda umodzi. Mitengo imene tilembe pano ndi yongoyerekeza. Inu muikepo ya kwanuko ya chaka chimenecho.

Gulu lili ndi hekitala imodzi, ndiye kuti mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Mizere ikatalikirana masentimita 90, m'mundamo mumakhala mizere pafupifupi 110. Osangokhulupirira mutu, pitani mukaiwerenge ndi maso. Kenaka anthu awiri a m'gulu akumbe tsiku limodzi monga akumbira masiku onse, osathamanga, kuti tidziwe ndime ya munthu mmodzi. Tinene kuti aliyense wakumba ndi kutola mizere iwiri. Apa tadziwa kuti munthu mmodzi payekha angathe masiku 55. Tikafuna kumaliza m'masiku 5, tifunika anthu 11.

Nanga tilipire pa tsiku kapena pa mzere? Ife tikuti pa mzere. Malipiro a pa tsiku amakomera wofika dzuwa litakwera, ndipo eni munda sadziwa kuti ntchito idzadya ndalama zingati kufikira itatha. Koma tikagwirizana mametikali 75 pa mzere, tadziwiratu kuti mizere 110 idzadya 8,250, kaya mvula igwe kaya isagwe. Wokumba mizere iwiri alandira 150 pa tsiku, wamphamvu wokumba itatu alandira 225, ndipo palibe wodandaula.

Komabe malipiro a pa mzere ali ndi nthenda yake, ndiyo phuma. Munthu wothamangira mzere wachitatu amatema mbatatesi ndi khasu, zina nkuzisiya pansi. Mbatatesi yotemeka imayamba kuola m'thumba nkuoletsa zinzake. Choncho kapitawo, yemwe ndi wa m'gulu momwemo, azitsatira pambuyo. Pa mzere uliwonse afukule malo atatu. Akapeza zotsala zambiri, mzerewo sunathe, mwini wake aubwereze usanalembedwe. Lamulo limeneli linenedwe poyera m'mawa wa tsiku loyamba. Mukalitulutsa pa tsiku lolipira, anthu adzati mwawabera, ndipo sadzakhala akulakwa.

Tsopano tibwere ku zoiwalika zija. Zokumbidwa zimafuna wosankha, kupatula zazikulu, zambeu ndi zotemeka, nkulonga m'matumba ndi kusoka. Tiyerekeze kuti munda utulutsa matumba 150. Amayi atatu akamalonga matumba khumi aliyense pa tsiku, pa mtengo wa 15 thumba limodzi, onse pamodzi alandira 2,250.

Wogwira ganyu tsiku lonse amadya nsima ya masana kumunda komweko. Ukamuuza kuti akadye kwao, masana sabweranso. Odya ndi 15: okumba 11, osankha atatu ndi wophika mmodzi. Tikapatsa aliyense theka la kilo ya ufa pa tsiku, masiku 5 afuna makilo 40 tikaonjezerako pang'ono, ndipo pa 25 kilo imodzi ndi 1,000. Nyemba, mchere ndi mafuta tiike 250 pa tsiku, ndiye 1,250. Wophika nayenso ndi wantchito, alandire 150 pa tsiku monga anzake, ndiye 750. Chakudya chokha chadya 3,000. Ena amati, “Aa, ufawu ngwathu wa m'nkhokwe, sitinagule.” Ulembeni ndithu. Chimanga chimenecho mukadachigulitsa, kapena ana akadadya mu Febuluwale.

Galimoto la wogula silifika kumunda, makamaka njira ikadali yamatope. Ngolo ikamanyamula matumba khumi pa ulendo, maulendo ndi 15, ndipo pa 200 ulendo umodzi ndi 3,000. Mufunsiretu mwini ngolo ngati okweza ndi otsitsa ali pa mtengo womwewo, chifukwa apa ndi pamene pamabuka mkangano kawirikawiri. Matumba ogona panja afuna mlonda: mausiku 5 pa 150 ndi 750.

Tiphatikize. Okumba 8,250, osankha 2,250, chakudya 3,000, ngolo 3,000, mlonda 750. Zonse ndi 17,250. Mwaona? Okumba aja sanadye ndi theka lomwe.

Pamwamba pa izi tisunge gawo limodzi mwa magawo khumi, tinene 1,750. Imeneyi ndi ndalama ya mvula. Ikagwa ya m'mawa anthu atafika kale, nsima iphikidwabe, ntchito italika ndi tsiku, wophika ndi mlonda aonjezeredwa. Ndiyonso yogulira mankhwala wina akadzitema phazi ndi khasu. Choncho msungichuma akhale ndi 19,000 m'manja khasu loyamba lisanalowe m'nthaka.

Tikunena kuti m'manja, osati m'matumba a mbatatesi. Mau akuti “tidzakulipirani tikagulitsa” ndiwo amaononga dzina la gulu. Wogula angachedwe sabata, mtengo wa pa msika wa Lizulu ungagwe, koma waganyu wasiya ana kunyumba akudikira ufa lero. Ndalama zikaperewera, kumbani theka la munda, mugulitse, nkukumba theka linalo. Kapena gwirizanani kulipira mbali ina ndi chimanga, koma ndowa yoyesera aione onse tsiku loyamba, ndipo zimveke ngati ndi yosefukira kapena yolekeza m'milomo.

Tisaiwale kuti waganyu nayenso ndi mlimi. Akuluakulu akukumbukira minda ya Boma ya CAIA, imene inakhazikitsidwa muno mu Angoniya ufulu wa 1975 utabwera. Inali ndi mathirakitala, koma pa nthawi yopalira ndi yokolola inkasowa anthu, chifukwa masiku omwewo aliyense ankafunika kumunda kwake. Ngati zinavuta kwa Boma, nanga gulu la anthu makumi awiri? Munthu amasiya munda wake pokhapokha akudziwa kuti ndalama ilandiridwa pa tsiku lake.

Kwa ochokera ku Malawi pali funso lina: tilipira m'mametikali kapena m'makwacha? Kusinthana kwa ndalama ziwirizi sikukhala malo amodzi. Gwirizanani ndalama imodzi, ndipo mtengo ulembedwe m'kope pamaso pa mboni ya mbali zonse ziwiri.

Kope limenelo ndi ntchito ya mlembi. Tsamba lililonse likhale ndi dzina la munthu, tsiku, mizere imene wakumba, ndi ndalama imene watengeratu, pakuti pa tsiku lachiwiri ena amapempha ya sopo kapena ya kuchigayo. Madzulo aliwonse mlembi awerenge mokweza, mwini dzina avomere. Polandira, wodziwa kulemba alembe dzina lake, wosadziwa adinde chala.

M'kalasi la sabata lino tiyesere limodzi pa bolodi. Mayi wina wakumba mizere 11 m'masiku asanu, ndipo Lachitatu anatengeratu 200 ya kuchigayo. Msungichuma amuwerengere zingati Loweruka?