Nambala imene imanena ngati minofu yachepa m'thupi

Munthu akamakalamba, minofu ya m'mikono ndi m'miyendo imatha pang'onopang'ono ngakhale sikelo ikusonyeza kulemera komwe kuja, chifukwa pamene mnofu wachoka mafuta amalowapo. Mu 1989 dokotala wina wa ku Amereka, Irwin Rosenberg, anatcha vutoli sakopeniya. Kuti adziwe ngati minofu yachepadi, madokotala amaunika thupi ndi makina, n'kupeza nambala imene pa pepala la zotsatira imalembedwa kuti ASMI kapena ALMI. Nambalayi ili ndi ntchito, koma malire amene amaiyerekezera nawo anaikidwa ndi anthu, ndipo si amodzi.

Makina amene amadaliridwa kwambiri ndi a DXA, omwe aja amayeza kulimba kwa mafupa. Munthu amagona chagada pa tebulo, atavula chilichonse chachitsulo, manja atatalikira pang'ono ndi ntchafu. Mkono wa makinawo umayenda pamwamba pake kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ukuwerenga cheza cha ekisire chofooka kwambiri, cha mphamvu ziwiri zosiyana. Popeza fupa, mafuta ndi zofewa zina zimatsekereza chezacho mosiyana, kompyuta imatha kugawa thupi m'magawo atatu amenewa. Kenako woyeza amaika mizere pa chithunzi: umodzi podutsa paphewa lililonse, wina podutsa m'chiuno pamene fupa la ntchafu limalumikizana. Zimene zili kunja kwa mizereyi ndiye mikono ndi miyendo.

Amasankha ziwalo zinayizi pa chifukwa chomveka. M'chifuwa ndi m'mimba muli mtima, chiwindi ndi matumbo, zimene makina sangazisiyanitse ndi mnofu. Koma mumkono kapena mumwendo, mukachotsa fupa ndi mafuta, pafupifupi chonse chotsala ndi mnofu, ndipo m'ziwalo zimenezi ndi mmene muli pafupifupi magawo atatu mwa anayi a minofu yonse yoyendetsa thupi. Amaphatikiza makilogalamu a ziwalo zinayi zija, n'kugawa ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi womwewo, kuti wamtali ndi wamfupi ayezedwe mwachilungamo.

```
ASMI = ASM / (h × h)
```

Pamenepa ASM ndi makilogalamu aja, ndipo h ndi msinkhu m'mamita.

Tiyerekeze mayi wa zaka 68, wotalika mamita 1.57. Pepala lake likusonyeza makilogalamu 1.7 kumkono wamanja, 1.6 wamanzere, 5.1 kumwendo wamanja ndi 5.0 wamanzere. Zonse pamodzi ndi 13.4. Msinkhu wake ukachulukitsidwa ndi womwewo umapereka 2.465, choncho ASMI yake ndi 5.44. Kodi minofu ya mayiyu ndi yochepa? Yankho likudalira buku limene dokotala watsegula.

Malire oyamba odziwika anaikidwa mu 1998 ndi Richard Baumgartner ndi anzake, amene ankafufuza okalamba ku New Mexico. Anatenga miyezo ya anthu athanzi a zaka za pakati pa 18 ndi 40, n'kuika mzere pansi kwambiri, pamene achinyamata awiri kapena atatu okha pa 100 alionse amagwera. Mzerewo unali 7.26 kwa amuna ndi 5.45 kwa akazi. Gulu la akatswiri a ku Ulaya, m'malangizo ake a 2019, linasankha manambala osavuta kukumbukira: 7.0 kwa amuna ndi 5.5 kwa akazi. Chaka chomwecho akatswiri a ku Asiya anasunga malire awo a 7.0 ndi 5.4, otengedwa pa anthu a kwawo. Mayi uja, ndi 5.44 yake, ali pansi pa mzere wa Baumgartner ndi wa ku Ulaya, koma ali pamwamba pa wa ku Asiya. Thupi ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo. Chasintha ndi anthu amene akuyerekezedwa nawo. Ichi n'chofunika kwa ife kuno, pakuti palibe ngakhale amodzi mwa malire atatuwa amene anachokera pa kuyeza anthu a kum'mwera kwa Afirika.

Palinso vuto la kunenepa. Munthu wolemera amakhala ndi minofu yambiri chifukwa chonyamula thupi lake, motero amadutsa malire mosavuta ngakhale minofuyo siikukwanira katundu amene yasenza. N'chifukwa chake mu 2014 ofufuza a ku Amereka anapereka njira ina: kugawa makilogalamu a minofu ndi BMI, nambala ija yoyerekeza kulemera ndi msinkhu. Malire ake ndi 0.789 kwa amuna ndi 0.512 kwa akazi. Mayi uja akamalemera makilogalamu 60, BMI yake ndi 24.3 ndipo amapeza 0.55, kutanthauza kuti wadutsa. Akamalemera 72 ndi minofu yomweyo, BMI ndi 29.2 ndipo amapeza 0.46, pansi pa malire. Njira yogawa ndi msinkhu imagwira kwambiri anthu owonda, pamene iyi imagwira onenepa.

Nambalayo yokha ikhozanso kunamiza. Makina a DXA saona mnofu weniweni. Amawerengera madzi ndi khungu limodzi nawo. Miyendo ya mayi uja itatupa chifukwa cha matenda a mtima kapena a impso, madzi olemera kilogalamu imodzi angakweze ASMI yake kufika 5.84, n'kuoneka ngati ali bwino. Woyeza watcheru amasindikiza chala pakatumba kapena pamsongolo. Pakatsala kadzenje, amadziwa kuti zotsatira zifufuma. Msinkhu nawo uli ndi msampha. Msana ukapindika mayiyo n'kufupika kufika mamita 1.53, makilogalamu 13.4 omwe aja amapereka 5.72, ngakhale sanawonjezere mnofu ndi pang'ono pomwe. Komanso makina a makampani osiyana sapereka manambala ofanana ndendende, choncho wofuna kuona kusintha ayenera kubwerera ku makina omwewo. Masikelo ena amayeza minofu podutsitsa kamphamvu kochepa ka magetsi m'thupi, koma amenewa amangoyerekeza, ndipo akatswiri a ku Asiya anawapatsa malire akeake a 5.7 kwa akazi.

Chifukwa cha zonsezi, malangizo a ku Ulaya a 2019 sayambira pa makina. Amayamba ndi mphamvu. Munthu amafinya kachipangizo ndi dzanja. Mwamuna wolephera kufika makilogalamu 27, kapena mkazi wolephera 16, amaonedwa kuti wafooka. Njira ina ndi kuimirira pa mpando kasanu osagwirira: kupitirira masekondi 15 ndi chizindikiro. Pamenepo m'pamene ASMI imabwera kudzatsimikiza, ndipo munthu akamayendanso pang'onopang'ono, osapitirira mamita 0.8 pa sekondi, vutolo limatchedwa lalikulu.

Motero mayi uja akafinya makilogalamu 22 n'kuimirira kasanu m'masekondi 11, nambala ya 5.44 siikwanira kumutcha wodwala. Akafinya 14, nambala yomweyo imatsimikiza vuto loyenera kuchitapo kanthu: masewera olimbitsa minofu ndi chakudya chomanga thupi chokwanira. Amene walandira pepala la zotsatira afunse zinthu zitatu: malire agwiritsidwa ntchitowo ndi a gulu liti, msinkhu unayezedwa tsiku lomwelo kapena unangotchulidwa pakamwa, ndipo mphamvu ya dzanja yapezeka yotani.