Chipinda cha Kuseri, Matipi ndi Alawansi: Kodi Ndi Malipiro ku Joni?

Pa Amalawi amene ali ku Joni, ambiri amagwira ntchito zam'nyumba, zosamalira maluwa, za m'mafamu kapena zoperekera zakudya m'malesitilanti. Ntchito zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: bwana sapereka ndalama zokha. Wina amakupatsa chipinda kuseri kwa nyumba, wina chakudya, wina amangokulozera matebulo n'kunena kuti makasitomala akukumbukira. Mwezi ukatha, zonsezi amaziphatikiza pamodzi n'kukuuza kuti walandira zambiri kuposa zimene boma limafuna.

Lamulo la ku South Africa silivomereza masamu amenewa. Lamulo la malipiro ochepetsetsa la 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019 ndi R20 pa ola, lili ndi gawo lachisanu lonena za kawerengedwe. Malipiro ochepetsetsa ndi ndalama, zolipiridwa pa maola a nthawi zonse a ntchito. Powerenga, sitiphatikiza ndalama zimene munthu wapatsidwa kuti athe kugwira ntchito, monga ya thiransipoti, ya zipangizo, ya chakudya kapena ya malo ogona. Sitiphatikizanso zoperekedwa m'malo mwa ndalama, ngakhalenso matipi ndi mphatso. Mlingo wa pa ola umakwera chaka ndi chaka, ndipo pa 1 Malichi 2025 unafika pa R28.79. Ndi umenewu tigwiritse ntchito pano. Mukamawerenga zanu, ikani wa chaka chimene mukunenacho.

Tiyerekeze mayi wa ku Mangochi amene akugwira ntchito yam'nyumba ku Pretoria, maola 45 pa sabata, ndipo amagona pompo. Pamwezi amalandira R3,500. Tsiku lina walimba mtima n'kufunsa zokweza malipiro, adona n'kutenga cholembera. Chipinda chija, akuti, akanachititsa lendi bwenzi akulandira R1,500. Chakudya chimene mayiyu amadya n'cha R800. Zonse pamodzi R5,800. "Ukudandaula chiyani?"

Tiyeni tiwerengenso. Maola 45 pa R28.79 ndi R1,295.55 pa sabata. Lamulo limatenga mwezi kukhala masabata anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sabata, choncho malipiro a pamwezi ndi pafupifupi R5,614. Kale antchito am'nyumba anali ndi mlingo wawo wotsikirapo, koma kuyambira mu Malichi 2022 amalandira mofanana ndi ena onse. Tsono poyambira ndi R5,614, ndalama zenizeni.

Chipinda chija sichikuiwalidwa ayi. Pali malamulo apadera a antchito am'nyumba amene amalola bwana kudula ndalama ya malo ogona, koma yosapitirira 10 peresenti ya malipiro. Apa ndi R561, osati R1,500, ngakhale lendi ya m'deralo ikhale yokwera chotani. Komanso si chipinda chilichonse. Chiyenera kukhala chosadontha, chosamalidwa bwino, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhomeka, ndipo wantchito akhale ndi chimbudzi ndi posambira. Ngati ndi kashedi kamalata komwe mvula ikagwa mumaika beseni pabedi, bwana alibe chodula. Nanga R800 ya chakudya? Malamulo omwewo amaletsa kulipiritsa wantchito wam'nyumba chakudya chimene wapatsidwa ali pantchito, monganso yunifolomu ndi zipangizo.

Choncho mayi uja ayenera kutsala ndi R5,053, tisanachotse 1 peresenti ya UIF, inshuwalansi ya anthu otha ntchito. Akumupunja R1,553 mwezi uliwonse. Pachaka zimaposa R18,000, ndalama zoti kumudzi munthu n'kufolera nyumba malata.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti adona aja sakunama: chipinda chili ndi mtengo wake ndithu. Koma chipinda sungachitumize kumudzi, sungagulire mwana yunifolomu, ndipo tsiku lomwe ntchito yatha, nachonso chimakhala chatha posachedwa. Nthawi zambiri amene amapindula nacho kwambiri ndi bwana yemweyo, chifukwa wantchito wogona pakhomo amadzutsidwa m'bandakucha popanda vuto la basi. Wopereka chipinda akapatsidwanso mphamvu yochiikira mtengo, malipiro ochepetsetsa angatsale dzina lokha. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti malire a 10 peresenti ndiwo mtima wa nkhaniyi.

M'mafamu zimasiyanako pang'ono. Mwini famu angadule mpaka 10 peresenti ya nyumba ndi 10 peresenti ina ya chakudya, koma nyumbayo ikhale ya denga lolimba, mazenera agalasi otseguka, chimbudzi, madzi abwino osapitirira mamita 100, ndipo isachepere masikweya mita 30.

Nkhani ya matipi ndi yachidule, ngakhale ndi imene imaphwanyidwa poyera. Mnyamata woperekera zakudya ku Cape Town akagwira maola 8, mwini lesitilanti ayenera kumulipira R230.32 kuchokera m'thumba lake. Makasitomala akamusiyira R400 usiku umenewo, ndi yapamwamba. Akapanda kusiya kanthu, R230.32 ija sisintha. Bwana wonena kuti "pano timadya matipi" akudyetsa wantchito wake ndi ndalama za alendo. Ndipo mukaitanidwa n'kubwezedwa patatha maola awiri chifukwa kulibe makasitomala, lamulo limati mulipidwe maola anayi. Mwina ena amatengera zimene amamva za ku America, komwe lamulo la dziko lonse limalola kulipira woperekera zakudya $2.13 pa ola bola matipi afikitse pa $7.25. Ku Britain matipi analeka kuwerengedwa mu 2009.

Pamene pamaterera ndi pa bonasi. Gawo lachisanu lija limatchula bonasi pakati pa mphatso zosawerengedwa, koma mu 2023, pa mlandu wa kampani ya Quantum Foods, khoti la apilo loona za ntchito linagamula kuti bonasi yolembedwa mu kontirakiti si mphatso, poti bwana sangaikane, choncho ingawerengedwe. Dzina lokha silokwanira. Funso n'lakuti ndalamayo ndi yachiyani: yolipira ntchito imene mwagwira, yokubwezerani zimene mwawononga kuti mufike pantchito, kapena yongokomera mtima? Alawansi ya thiransipoti ya R600 imathera m'matekisi, ndipo singadzaze mpata wa malipiro operewera.

Podzifufuza nokha, tengani kapepala kosonyeza malipiro, komwe bwana ayenera kukupatsani tsiku lolandira. Chotsani matipi, thiransipoti, ovataimu ndi mtengo uliwonse umene waikidwa pa chipinda kapena chakudya. Zotsalazo gawani ndi maola a nthawi zonse. Ngati kapepalako sikaperekedwa, lembani m'kabuku nthawi yoyamba ndi yoweruka tsiku lililonse, ndipo sungani mauthenga a kubanki. Pamlandu zimenezi zimayankhula kuposa pakamwa. Kusaina kontirakiti ya malipiro otsika sikukumangani, chifukwa lamuloli silola kuti wantchito adzichotsere yekha ufulu umenewu.

Madandaulo amapita ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana, kapena kwa oyendera malo antchito a ku dipatimenti ya zantchito, ndipo salipiritsa. Abale athu ambiri amaopa chifukwa cha mapepala. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito linanena kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe pamaso pa lamulo. Chigamulocho sichikonza mapepala a munthu, ndipo mantha ake ndi omveka. Koma R1,553 ya mayi uja imakhalabe ngongole ya adona, mwezi uliwonse umene sinaperekedwe.