Shawa ya kumanja: yogula lero, yosamuka nayo mawa

M'bafa ya nyumba ya lendi, chomanga ndi sikuluwu chimasamuka nanu, koma chomata ndi simenti mwapatsa landilodi. Matailosi, sinki ndi giza musaziwerengere n'komwe.

Taonani shawa. Mutu wake umangopotokoleredwa ku paipi, ndipo mazinga ake pafupifupi onse ndi a hafu inchi, choncho shawa ya kumanja ya payipi yofewa imalowa pomwepo popanda pulambala. Kulungani kansalu pa nati kuti sipanala isakande, masulani mutu wakalewo, pukutani mazinga, kenako manganipo yatsopanoyo. Nati ya payipi yofewa imatseka madzi ndi kawashala ka labala, osati ndi tepi yoyera ija. Madzi akamadontha pamenepo, ndiye kuti kawashala kagwa kapena kakhala mopendama. Kumangitsa kwambiri kumangoswa natiyo, makamaka ikakhala ya pulasitiki.

Musanagule, yang'anani mphamvu ya madzi. Pamene madzi amatsika kuchokera m'thanki ya padenga, mutu waukulu wa timabowo tambirimbiri umangolira misozi. Wocheperako ndiye umathandiza.

Chivindikiro cha chimbudzi nachonso n'chosavuta: mabawuti awiri basi, bola muyeze kaye kutalikirana kwa mabowo ndi kutalika kwa mbale.

Zakalezo musataye. Zijambuleni zili pamalo pake, muzisunge m'jumbo pamodzi ndi mawashala ake. Landilodi akapeza paipi yopanda mutu tsiku losamuka, dipoziti yanu ndiyo idzagule wina, pa mtengo womwe atchule yekha.