Onse ndi ofiira, koma si amodzi

Masiku ano mayi woyembekezera akasokonezeka ndi mankhwala, amajambula paketi pa foni n'kutumizira wachibale wodziwa zachipatala. Vuto ndi lakuti mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kusikelo nthawi zambiri amakhala ofiira, ndipo kapisozi wa vitamini A wamphamvu kwambiri nayenso ndi wofiira. Choncho mtundu wokha sungakuuzeni zoona. Jambulani mbali imene ili ndi zolemba, dzina ndi manambala zioneke bwino.

Pa paketi ya mapiritsi a magazi pamalembedwa Ferrous sulphate 200 mg, kapena mchere wina wa ayironi, pamodzi ndi Folic acid 0.4 mg. Mu 200 mg imeneyo muli ayironi weniweni pafupifupi 60 mg. Piritsili ndi louma, lolimba, ndipo mayi amamwa limodzi patsiku mpaka kuchira. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi ayironiyo. Musamwere tiyi, chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi.

Kapisozi wa vitamini A ndi wofewa, ali ndi mafuta m'kati ndi kansonga kodula. Wofiira amalembedwa 200,000 IU, wabuluu 100,000 IU. Amenewa ndi amene azaumoyo amadonthezera ana m'kamwa, osati a mayi wapakati. Mlingo wa mayi wotere, ngati dokotala walamula, supitirira 10,000 IU patsiku kapena 25,000 IU pamlungu. Wochuluka chotero ungalemaze mwana m'mimba, makamaka pamiyezi yoyambirira.

Zolemba zikapanda kuoneka pachithunzi, musamwe. Tengani paketiyo mukaonetse anamwino kusikelo.